Mawu Makumi Asanu a Pakhoma

Kamphaka ankapukuta makapu a alendo. Ankatulutsa imodzi m'kabati, kuiuzira mpweya, kuizunguliza kansalu mkati ndi kunja, kenako kuiika pathebulo chogwirira chitaloza kumanja, momwe amayi ake ankafunira. Makapuwo anali a maluwa ofiira m'mbali ndipo ankakhalira kuonedwa pagalasi chaka chonse. Koma sabata imeneyo ankatuluka masana aliwonse, chifukwa amalume ankabwera kudzakonza mbiri yake.

Dzina loti Kamphaka anamupatsa ndi mchimwene wake, wokonza mafoni, chifukwa choti mtsikanayu ankalowa m'chipinda osamveka, anthu n'kumuzindikira atakhala kale pakona. Chimalizireni sekondale ankangokhala pakhomo, kuthandiza amayi ndi kujambula. Ankajambula ndi makala otsala pambaula, kumbuyo kwa makalendala akale, ndipo chomwe ankajambula chinali chimodzi basi: manja. Manja a wosoka nsapato wa pakona atagwira singano, manja a amayi akufinya chovala, zala za mchimwene wake zitatsina kasikuluu kakang'ono ngati njere.

Zithunzi zake zisanu zinasankhidwa kuti zikaikidwe pachionetsero cha achinyamata ku laibulale ya m'tauni. Mayi woyang'anira laibulaleyo, wa magalasi olendewera pachingwe, anamufotokozera kuti pambali pa zithunzi za aliyense adzamatapo kapepala ka mbiri yachidule. Dzina adzalilemba okha pamwamba. Chofunika kwa iye chinali mawu osapitirira makumi asanu, onena kuti amajambula chiyani, ndi chiyani, komanso chifukwa chake. Lachisanu kapepalako kakafike kosindikiza, ndipo kadzakhala pakhoma mwezi wathunthu, aliyense wodutsa akuwerenga.

Kamphaka analemba mbiriyo yekha, kenako analakwitsa chinthu chimodzi: anaisiya pamwamba pa kabati. Amayi ataiona anatumiza uthenga kwa mlongo wawo.

Amalumewo anagwira ntchito mu ofesi ya kalembera zaka makumi atatu, ndipo chipumireni ankayenda ndi cholembera chofiira m'thumba la malaya ngati munthu woyembekezera ngozi. Pakhomopo ankatchedwa a Ndondomeko, koma iwo kulibe. Anafika Lolemba masana, anakhala pampando wa zotsamira mikono, anavala magalasi n'kuwerenga mokweza ndi mawu a m'bwalo la milandu:

"Ine ndine mtsikana wamba. Sindinaphunzire zojambula kwina kulikonse, choncho mundikhululukire pomwe ndalakwitsa. Ndimajambula manja a anthu akamagwira ntchito. Ndimagwiritsa ntchito makala otsala pambaula ndi makalendala akale. Ndimajambula manja chifukwa ndimachita manyazi kuyang'ana anthu kumaso. Zikomo powerenga."

Mchimwene anaseka mpaka tiyi kumutsamwa. Anati anthu akawerenga zimenezo aziponya ndalama pansi pa chithunzi poganiza kuti ndi chopempha. Amayi anati m'nyumba mwawo mulibe mwana wamba. Onse awiri anayamba kulankhula nthawi imodzi, wina zochotsa, wina zowonjezera, mpaka amalume anagogoda pathebulo ndi cholembera.

Anafotokoza kuti cholembedwa sichikonzedwa ndi phokoso. Ukasintha zonse nthawi imodzi sudziwa chomwe chachiritsa ndi chomwe chapha. Choncho ntchitoyo iyenda m'magawo atatu, tsiku lililonse gawo limodzi. Lolemba kamvekedwe, Lachiwiri kutalika, Lachitatu choyenera kutsogola. Wolankhula za kutalika pa tsiku la kamvekedwe adikire mawa. Pepala lililonse lisungidwe, lilembedwe nambala pakona, kuti zikaipa azitha kubwerera. Ndipo lamulo lalikulu, lomwe analinena atakweza chala: gawo silitsekedwa mwini mbiri asanavomere.

Kamphaka anamvetsera maso ali pamanja a amalume. Mumtima anavomereza kuti zinali zanzeru.

Ndipo gawo loyamba linayamba bwino ndithu. Amalume anadula mzere pa "mundikhululukire" ndi pa "wamba", n'kunena kuti munthu wabwera kudzaona zithunzi sanabwere kudzakhululukira aliyense, ukamupepesa ayamba kufufuza cholakwacho. Anachotsa "ine" paliponse n'kuika "wojambulayu", chifukwa kapepala ka pakhoma kamalankhula ngati munthu wina akukudziwitsa kwa alendo. "Zikomo powerenga" anati ndi za m'kalata. Atawerenganso, Kamphaka anadzimva ngati wawongoka msana. Anali yemweyo, koma atasiya kupinda mawondo.

Mchimwene anafuna kuti alembe kuti ndi katswiri wodziwika m'mayiko ambiri, popeza mnzake wina wokhala kunja anayamikira chithunzi chimodzi pafoni. Amalume anakana, anati bodza la pakhoma limawerengedwa ndi anansi. Komabe makala otsala pambaula anawavuta. Anati sakumveka ngati a pachionetsero. Anayang'ana kudenga kanthawi n'kulemba kuti "zipangizo zachilengedwe". Makalendala akale anasanduka "mapepala osankhidwa mosamala". Chiganizo cha manyazi anachiwerenga kawiri, n'kupukusa mutu, chinatuluka chikunena kuti wojambulayu ali ndi chidwi chapadera ndi ziwalo zogwirira ntchito.

Apa ndi pomwe amayi anatsokomola.

"Achimwene, zikumveka bwino, koma zikukhala ngati mwanayu anangogwa kuchokera kumwamba. Alibe mayi?"

Amalume anati kuwonjezera si nkhani ya tsikulo. Amayi anafunsa ngati ulemu si kamvekedwe. Amalume anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kugamula kuti ulemu ndi kamvekedwe ndithu, ndipotu ndiye kamvekedwe kenikeni. Chitseko chitatseguka choncho, aliyense analowa ndi katundu wake. Amayi analowa monga wapampando wa gulu la amayi a m'dera, wolera mwana mwaulemu m'nyengo yovuta ino. Mchimwene analowa ndi kashopu kake, chifukwa ndiye anajambula zithunzizo pafoni n'kuzitumiza ku laibulale. Amalume anati iwo safuna kutchulidwa. Amayi anawakakamiza, iwo anakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu analemba okha ziganizo zitatu.

Dzuwa likupendeka, mbiri ija inali itadzaza tsamba n'kutembenukira kuseri. Amalume anaiwerenga yonse, kenako anasuzumira pamwamba pa magalasi.

"Mwini mbiri, pali chotsutsa?"

Kamphaka anatsegula pakamwa. Maso onse anali pa iye. Anayang'ana pansi.

"Wavomera," anatero amalume, n'kulemba nambala pakona.

Lachiwiri linali la kutalika. Amalume anawerenga mawu onse akugogoda lililonse ndi nsonga ya cholembera, milomo ikuyenda, n'kulengeza kuti apitirira malire kanayi. Tsikulo panalibe kusintha liwu kapena kusuntha chiganizo, kunali kudula basi. Anayamba ndi zosavuta, ndipo apanso anachita mwaluso. "Kwambiri" ndi "ndithu" onse anapita. Pomwe chinthu chinanenedwa kawiri anasiyapo kamodzi. Mawu awiri otanthauza chimodzi, monga "mwakhama ndi modzipereka", anawauza kuti agwirizane wotsala. Koma zitatha zimenezo anali akadali kutali, ndipo panafunika kugwetsa ziganizo zathunthu.

Njira yake inali yachilungamo poiona. Amalume ankawerenga chiganizo chimodzi n'kufunsa ngati pali wochiikira kumbuyo. Chopanda wochiikira kumbuyo chinkapita.

Cha amayi chitawerengedwa, amayi anaika kapu pansi n'kuyamba kufotokoza za usiku womwe Kamphaka anadwala chikuku ali wakhanda. Sanafike n'komwe kuchipatala m'nkhaniyo, amalume anali atalemba kale kuti chikhale. Mchimwene anavomera kutaya "mwaukadaulo" ndi nambala ya foni, koma pa kukonza mafoni "tsiku lomwelo" ndi "pafupi ndi siteji ya basi" anaimirira, anati pamenepo ndiye pali nkhani yonse. Ziganizo zitatu za amalume, eni ake anaziyang'ana ndi chisoni ngati ana oti mmodzi yekha ndiye apite kusukulu, ndipo anaziphatikiza kukhala chimodzi chachitali, n'kupempha kuti anthu aone chitsanzo cha kudzimana.

Kenako anafika pa zipangizo zachilengedwe.

"Ichi pali wochifuna?"

Kamphaka anachiyang'ana. Chinali chake, koma sichinkaonekanso ngati chake. Makala ake anali atavala suti, ndipo kuikira kumbuyo mlendo wa suti kunamuvuta. Akuganiza poyambira, cholembera chinadutsa. Mapepala osankhidwa mosamala anatsatira, mchimwene akunena kuti pepala ndi pepala. Ziwalo zogwirira ntchito amayi anazikana okha, anati zikumveka ngati za kuchipatala ndipo amayi a m'gulu akhoza kuganiza zina. Chiganizo chonena kuti amajambula manja chinatsala chokha, chikunjenjemera pakati pa tsamba, ndipo mawu anali atapitirirabe pang'ono.

Amalume anaganiza mozama. Anati zithunzi zidzakhala pomwepo, anthu ali ndi maso, adzaona okha kuti ndi manja. Kulemba chinthu chomwe munthu akuchiona ndi kuwononga malo. Anadula, anawerenganso ndi nsonga ya cholembera, ndipo anakwana makumi asanu ndendende. Amayi anaomba m'manja pang'ono. Mwini mbiri anafunsidwa ngati pali chotsutsa, ndipo makapu anali akusonkhanitsidwa kale pamene iye ankakweza mutu.

Lachitatu silinachedwe. Amalume anafotokoza kuti munthu woima pakhoma amawerenga mzere woyamba, wachiwiri amauona ndi diso limodzi, wachitatu amakhala atapita. Choncho cholemera kwambiri chikhale kutsogolo. Tsikulo panalibe kudula kapena kuwonjezera, kunali kusanja. Anafunsa kuti mwa ziganizo zotsalazo cholemera ndi chiti. Amayi anati mayi ndiye chiyambi cha munthu. Mchimwene anati chothandiza owerenga n'chomwe chili ndi malo opezekera. Amalume sananene kanthu za iwo eni, anangofunsa kuti mwa zinthu zitatuzo n'chiti chatenga zaka makumi atatu. Muvi wofiira unanyamula chiganizo chawo kuchoka pansi kupita pamwamba.

Lachinayi m'mawa Kamphaka anapita nalo pepala ku laibulale, atalikopera bwino ndi dzanja lake. Anadutsa wosoka nsapato wa pakona, yemwe anamukwezera dzanja lomwe lija lili pachithunzi, chala chachikulu chili ndi chipsera cha singano. M'holo ya laibulale munkanunkha penti. Zithunzi zake zinali zitapachikidwa kale pakhoma la kumanzere, pafupi ndi zenera, ndipo pambali pake panali kabwalo kopanda kanthu kolembedwa ndi pensulo, malo a kapepala. Anaima patali ndithu. Sanazionepo zitaimirira choncho, zonse zisanu pamzere, makala akuoneka akuda bii pakhoma loyera.

Mayi wa laibulale anakweza magalasi ake a pachingwe n'kuwerenga motsitsa mawu:

"Wojambulayu ndi mwana wa mlongo wa mkulu wina amene anatumikira mu ofesi ya kalembera zaka makumi atatu mopanda banga. Analeredwa mwaulemu ndi mayi ake, wapampando wa gulu la amayi a m'dera lawo. Mchimwene wake amakonza mafoni tsiku lomwelo, pafupi ndi siteji ya basi. Banja lonse likuthokoza aliyense wobwera kudzaona zimenezi."

Anatembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli zina. Kenako anayang'ana mtsikanayo mosaseka.

"Banja labwino, mwanawe. Ndi ndani mwa iwowa wajambula?"

Kamphaka analoza pachifuwa pake.

Mayiyo anati kutalika kuli bwino, kamvekedwe n'kaulemu, palibe liwu lolakwika. Akafuna asindikiza momwemo, chifukwa mbiri ndi ya mwini wake. Koma anamutengera kutsogolo kwa zithunzizo n'kumuimika pomwe mlendo adzaime. Anati munthu akafika apa adzaona manja opanda nkhope, asanu motsatizana, ndipo adzatembenukira kukapepala ali ndi funso limodzi. Ndemanga yake inali imeneyo yokha. Anamubwezera pepala, anati mawa m'mawa alandira lililonse lomwe abweretse.

Pobwerera sanakwere basi. Kunyumba anapeza amayi atapita kumsonkhano wa gulu. Anatsegula kabati, anatulutsa mapepala onse omwe amalume anasunga pansi pa mbale yaikulu, n'kuwayala pathebulo motsatira manambala a pakona. Anawerenga kuyambira loyamba. Pa lililonse ankaona pomwe wachepera, mpaka pa lomaliza pomwe anatsala m'liwu limodzi lokha loyambirira, ngati chogwirira cha kapu yomwe inasweka. Anatenga pensulo ndi pepala latsopano. Atamaliza anawerenga mawu ndi nsonga ya pensulo, momwe anaonera, kenako anayamba kupukuta makapu.

Amalume anafika masana atavala jekete, kudzamva momwe ku laibulale alandirira ntchito yawo. Mchimwene anatseka kashopu msanga. Amayi anabwera ndi nkhani yoti amayi onse a m'gulu alonjeza kudzaona chionetsero, ndipo ena afunsa ngati dzina la gulu lingalowe lonse. Tiyi atathiridwa, amalume anafunsa ngati pepala lalandiridwa. Kamphaka anati mayi wa laibulale wayamikira kutalika ndi kamvekedwe. Amalume anagwedeza mutu ngati dokotala womva kuti wodwala wadzuka, n'kuyamba kufotokozera mchimwene kuti ndondomeko sinamiza munthu.

Kamphaka anali ataima pafupi ndi kabati, kansalu kali m'manja. Anayang'ana manja a amalume, chala chapakati chili ndi kachithupsa kolimba pomwe cholembera chakhala chikutsamira zaka zonsezo, ndipo anaona kuti akayang'ana pamenepo mawu amatuluka.

"Amalume, ndili ndi chotsutsa."

Mchimwene anayang'ana kukhomo kuona ngati kwalowa munthu. Amalume anati magawo onse atatu anatsekedwa, ndipo anatsekedwa mwalamulo.

"Munati gawo silitsekedwa mwini mbiri asanavomere. Ine sindinavomere. Ndinangokhala chete."

Amayi anati iwe, akulu salankhulidwa choncho. Koma amalume anakweza dzanja. Lamulolo linali lawo, ndipo nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu wolumidwa ndi galu wake yemwe. Anati mwini mbiri apitirize, mwachidule.

Kamphaka anatulutsa pepala m'thumba la siketi. Analigwira ndi manja awiri. Anati za Lolemba wasunga zambiri: palibe kupepesa, palibe "ine". Za Lachiwiri wasunga malire, ndipo mawu atsalako. Za Lachitatu wasunga lamulo loti cholemera chitsogole. Kenako anawerenga, mawu ake ali aang'ono koma osaima:

"Wojambulayu amajambula manja a anthu akamagwira ntchito: a wosoka nsapato, a mayi akufinya chovala, a wokonza mafoni. Amagwiritsa ntchito makala otsala pambaula, kumbuyo kwa makalendala akale. Anasankha manja chifukwa amachita manyazi kuyang'ana anthu kumaso, ndipo pamanja ndi pomwe maso ake amagwera."

Mchimwene anafunsa za siteji ya basi. Amayi anati ndiye kuti anthu onse adziwe kuti m'nyumba muno mumasungidwa makalendala akale, ndiponso mwana wawo ndi wamanyazi. Amalume anali atatulutsa kale cholembera chofiira, n'kunena kuti popeza mawu atsalako, malo alipo a chiganizo chimodzi chachifupi, chongosonyeza komwe mwanayu anatengera mwambo wa ntchito. Anatambasula dzanja kuti alandire pepala.

Kamphaka analipinda n'kulibweza m'thumba. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anakweza maso kufika pa tayi ya amalume, kenako pachibwano.

"Amayi, manja anu ali pakhoma paja, aakulu kuposa kapepalako. Anunso achimwene. Aliyense wobwera adzawaona. Anu amalume sindinawamalize, ndimawajambula sabata yonseyi mukudula mawu anga, ndipo mukafuna ndikuonetsani. Koma kapepalaka n'kakang'ono, ndipo ndi malo okhawo omwe ine ndilipo. Manyaziwo ndi anga, makalawonso ndi anga. Mawa ndipereka ili momwe lililimu. Tiyi wanu akuzizira, amalume."